Masiku 30 sachedwa kutha: kalata yoitanitsa ndalama VPN ikamakana kulumikiza

Makampani akuluakulu ogulitsa VPN amakonda kulemba lonjezo limodzi ndi zilembo zooneka patali: mukapanda kukhutira, tidzakubwezerani ndalama zanu. NordVPN, ExpressVPN ndi Surfshark amapereka masiku 30, pomwe CyberGhost amafika masiku 45 kwa munthu amene walipiriratu nthawi yaitali. Lonjezoli si lachinyengo ayi, anthu amabwezeredwadi ndalama. Koma masikuwo amayamba kuwerengedwa pa tsiku limene ndalama yachoka m'khadi mwanu, osati tsiku limene mtima wanu wafika pakhosi. Ambiri amene amataya ndalama zawo sataya chifukwa kampani yakana. Amataya chifukwa anathera masiku onse akuyesa izi ndi izo, nkudzalemba kalata nthawi itadutsa kale.

VPN ndi pulogalamu imene imatenga zonse zotuluka m'foni kapena m'kompyuta yanu, nkuzibisa kuti wina asaziwerenge, kenako nkuzitumiza ku kompyuta ya kampaniyo, imene amaitcha seva. Sevayo ikhoza kukhala ku Johannesburg, ku London kapena kwina kulikonse, ndipo ndi imene imakupitirani kumene mukufuna pa intaneti. Kuno kwathu anthu amaigula pa zifukwa zosiyanasiyana. Ena amagwirira ntchito makampani akunja ali kunyumba, ena safuna kuti zinthu zawo zizionekera pa waifai ya mu hotela. Abale athu a ku Zambia ambiri anaidziwa pa 12 Ogasiti 2021, tsiku la chisankho, WhatsApp ndi Facebook zitasiya kugwira ntchito, ndipo a ku Mozambique anakumana ndi zofananazo pambuyo pa chisankho cha 2024. Munthu wogula VPN pa nthawi ngati imeneyo amagula mothamanga, sawerenga malamulo a malipiro, ndipo kawirikawiri amasankha ya zaka ziwiri chifukwa ndi imene imaoneka yotchipa pa mwezi.

Tiyerekeze mayi wina wa ku Lilongwe amene amalemba mabuku a ndalama a kampani yakunja ali pakhomo. Pa 3 Malichi walipira madola 80 ndi khadi yake ya Visa, ya zaka ziwiri. Tsiku loyamba pulogalamu yalumikiza bwinobwino. Kuyambira tsiku lachitatu, akadina batani, kagudumu kamangozungulira pa sikirini, mawu akuti `Connecting` osasintha, mpaka mphindi yathunthu kutha. Ikati yalumikiza, siikhalitsa, imaduka. Masiku ake 30 akutha pa 2 Epulo, ndipo iye sanawerenge zimenezo.

Asanalembe kalata, mayiyu ayenera kudziwa kaye mbali imene vuto lili, chifukwa VPN zambiri zimene anthu amazinena kuti ndi zowola zilibe mlandu. Choyamba kuyang'ana ndi bandulo. Airtel ndi TNM amagulitsa mabandulo ogwira pa WhatsApp kapena pa Facebook pokha, ndipo bandulo yotere imalola deta yopita kumeneko basi. VPN ikayaka, deta yanu yonse imalowera ku seva ya kampani ina, imene banduloyo siidziwa, ndiye njira imatsekeka. Munthu amaona kuti mauthenga a WhatsApp akulowa, nkumati intaneti ilipo, pomwe ya VPN palibe. Njira yoyesera ndi yapafupi: zimitsani VPN, tsekulani tsamba lililonse la nkhani. Likakana kutseguka, vuto si la kampani ya VPN. N'chimodzimodzi boma likazimitsiratu intaneti yonse, ngati mmene zinachitikira ku Zimbabwe mu Januwale 2019. Pamenepo palibe VPN imene ingadutse, ngakhale yodula chotani.

Pali tina ting'onoting'ono timene timasokoneza anthu. Wotchi ya foni kapena ya kompyuta ikasochera kwambiri, makamaka laputopu yakale imene batire yake yam'kati inatha, seva ndi chipangizo chanu zimalephera kukhulupirirana, chifukwa chiphaso cha seva chili ndi tsiku loyambira ndi lothera. Waifai ya mu hotela kapena ya pabwalo la ndege imafuna muyambe mwatsekula tsamba lake nkuvomera malamulo, apo ayi palibe chituluke. Foni ya Android imalola VPN imodzi yokha pa nthawi imodzi, choncho ngati muli kapulogalamu kena kaulere kamene mwana anaikamo pofuna deta yosalipira, ziwirizo zimalandana malo. Ndipo mafoni ambiri amazimitsa okha mapulogalamu pofuna kusunga moto wa batire, zimene zimachititsa kuti VPN izingoduka sikirini ikathima.

Zonsezi zikakhala kuti zili bwino, chotsatira ndi kusintha njira yolumikizira. Pafupifupi pulogalamu iliyonse ya VPN ili ndi malo olembedwa `Protocol`, pomwe mumasankha chilankhulo chimene foni yanu ndi seva zizigwiritsa ntchito. WireGuard ndi yachangu, koma imayenda pa mtundu umodzi wokha wa deta wotchedwa UDP, umene ma ofesi, sukulu ndi mahotela ena amautseka. OpenVPN imatha kuyenda pa UDP, komanso pa TCP kudzera pa khomo nambala 443. Khomo limeneli ndi limene masamba a banki ndi masamba ena onse otetezedwa amadutsira, ndiye ndi lovuta kulitseka popanda kupha intaneti yonse. Apa ndi pamene pamaonekera zoona. Ngati WireGuard ikukana koma OpenVPN ya TCP ikulumikiza, ndiye kuti wotsekereza ndi netiweki imene mulipo. Ngati zonse zikukana, pa waifai ndi pa deta ya foni, pa foni ndi pa laputopu, pa seva ya ku Johannesburg ndi ya ku London yomwe, chala chayamba kuloza kwa wogulitsa.

Umboni wamphamvu kuposa wonse uli m'kaundula amene pulogalamuyo imalemba yokha. Amapezeka pa malo olembedwa `Logs` kapena `Diagnostics`, ndipo ngakhale mizere yake imaoneka yoopsa, yofunika ndi iwiri kapena itatu. OpenVPN ikalephera kufika ku seva imalemba chonchi:

```
TLS Error: TLS key negotiation failed to occur within 60 seconds (check your network connectivity)
TLS Error: TLS handshake failed
```

Tanthauzo lake n'lakuti chipangizo chanu chinagogoda kwa masekondi 60 koma sichinayankhidwe. Mwina seva yagwa, mwina pali wotchinga panjira. Mzere wakuti `AUTH_FAILED` ndi nkhani ina: seva yamva, yayankha, koma yakukanani. Pamenepo mwina pasiwedi ndi yolakwika, mwina kampani sinatsekule akaunti yanu ngakhale munalipira, kapena mwapitirira chiwerengero cha zipangizo zololedwa nthawi imodzi. Ngati pasiwedi yomweyo ikukulowetsani pa tsamba la kampaniyo, ndipo zipangizo zanu n'ziwiri zokha, mzere umenewu ndi golide m'kalata yanu, chifukwa ukusonyeza kuti intaneti yanu inafikadi pakhomo pawo. WireGuard ndiye ili ndi khalidwe lake. Nthawi zina imaoneka ngati yayaka pomwe sinalumikize n'komwe, ndipo mumadziwira pa manambala: deta yotumizidwa ikukwera pang'onopang'ono, yolandiridwa ili pa ziro.

Wina angafunse kuti, ngati kampani inalonjeza kubweza ndalama kwa aliyense wosakhutira, umboni wonsewu ndi wa chiyani? Funsoli ndi lomveka. M'kati mwa masiku 30 simukakamizidwa kutsimikiza kuti wolakwa ndani. Ntchito ya umboni ndi kutseka njira yozengereza. Amene amayankha makasitomala anaphunzitsidwa kuti asafulumire kubweza ndalama, ayambe ayesa kukonza. Adzakuuzani kuti muchotse pulogalamu nkuikanso. Mukabwerera, adzati musinthe seva. Mukabwereranso, adzati nkhani yapita kwa akatswiri, mudikire masiku awiri kapena atatu. Zimakhala ngati telala amene tsiku lililonse amati mubwere mawa kwangotsala mabatani, pomwe ukwati uli Loweruka. Aliyense mwa iwo akulankhula mwaulemu, mwinanso akufunadi kuthandiza, koma kalendala siikuima. Kalata imene yandandalika kale zonse zimene zayesedwa imawasiya opanda china chokutumani.

Chisanalembedwe chilichonse, pali funso limene ambiri amalilumpha: ndalama yanu anailandira ndani? Ngati munalipira pa tsamba la kampaniyo ndi khadi kapena PayPal, kalata ipite kwa iwo. Ngati munalipira m'kati mwa pulogalamu pa iPhone, ndalama inadutsira kwa Apple, ndipo kampani ya VPN idzangokuuzani kuti ilibe mphamvu pa ndalamayo. Pempho limapita ku `reportaproblem.apple.com`, ndipo ogamula ndi a Apple, osati lonjezo la masiku 30 lija. Pa Google Play, m'maola 48 oyamba mungapemphe kwa Google, ikadutsa nthawi imeneyo kawirikawiri amakutumizani kwa eni pulogalamu. Ndiye pali chizolowezi chathu chogula kudzera mwa munthu wina, mnyamata wa pa gulu la WhatsApp amene mumamutumizira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba iye nkukupatsani dzina ndi pasiwedi. Kampani siikudziwani inu pamenepo. M'mabuku mwake kasitomala ndi mnyamatayo, ndipo kalata yanu, ngakhale ikome bwanji, ilibe poimira.

Mayi wathu uja analipira yekha pa tsamba la kampani, ndiye njira ndi yotseguka. Kalatayo idzapita m'Chingelezi, poti ndi chimene amamva kumeneko, koma mfundo zake n'zimenezi, ndipo azitumize kuchokera pa imelo yomwe anatsekulira akaunti:

Mutu: Pempho lobweza ndalama, lisiti nambala yakutiyakuti

Kwa oyang'anira za malipiro,

Pa 3 Malichi ndinalipira madola 80 a zaka ziwiri ndi khadi ya Visa yothera ndi manambala anayi amene ali pa lisiti ndaphatikiza pano. Ndikupempha kuti mundibwezere ndalama zonsezi, molingana ndi lonjezo lanu la masiku 30, amene akutha pa 2 Epulo.

Kuyambira pa 5 Malichi VPN yanu yakhala ikukana kulumikiza, ndipo ikalumikiza imaduka pasanathe mphindi zochepa. Ndayesa pa foni ya Android ndi pa laputopu ya Windows, pa waifai ya kunyumba ndi pa deta ya foni. Ndayesa seva za ku Johannesburg ndi ku London, pa WireGuard, pa OpenVPN ya UDP ndi ya TCP. VPN ikakhala yozima intaneti yanga imayenda bwino. Pa 9 ndi pa 14 Malichi ndinalankhula ndi anzanu othandiza makasitomala, ndinachotsa pulogalamu nkuikanso monga anandiuzira, koma palibe chinasintha. Nambala ya dandaulo limenelo, zithunzi za sikirini ndi kaundula wa pulogalamu zili pamodzi ndi kalata ino.

Sindikufuna kuyesanso njira zina, kapena kupatsidwa miyezi yaulere. Chonde bwezani ndalamazo ku khadi yomwe ndinalipirira, muzimitse kulipira kodzichitikira kokha, ndipo munditsimikizire polemba tsiku limene mwatumiza. Ngati sindilandira yankho pofika pa 27 Malichi, ndikapereka nkhaniyi ku banki yanga.

Ine kasitomala wanu.

Kalatayi ndi yaifupi dala. Pempho lili m'ndime yoyamba, chifukwa woiwerenga ali ndi makalata ena ambiri omudikira ndipo amayang'ana zinthu zitatu: munthuyu ndani, akufuna chiyani, ali m'kati mwa nthawi kapena ayi. Mulibe mbiri ya mmene bwana anakalipira ntchito itachedwa, ngakhale zinali zowawa. Mulibe kutukwana, ndipo mulibenso kupepesa. Ife tinaleredwa kuti popempha kanthu kwa akuluakulu timayamba ndi kuzungulira, kufunsa za moyo, kudzichepetsa, nkumaliza ndi mawu akuti ngati n'kotheka. Ulemu umenewo ndi wabwino pabwalo la amfumu, koma m'kalata iyi mawu akuti ngati n'kotheka amamveka ngati mwawapatsa ufulu wosankha. Simukupempha chifundo, mukukumbutsa lonjezo limene analemba okha.

Ndime yachitatu ndi imene imagwira ntchito yaikulu. Yankho loyamba la kampani nthawi zambiri silikhala inde kapena ayi, limakhala mphatso: tikuwonjezereni miyezi itatu yaulere, kapena tikuchotsereni theka la mtengo. Miyezi yowonjezera ya chinthu chimene sichikulumikiza ilibe phindu, ndipo mukaivomera mwavomera kukhalabe, masiku 30 aja nkukudutsani. Yankhani ndi mzere umodzi wothokoza ndi wobwereza pempho. Tsiku lomalizira limene mwawapatsa likhale m'kati mwa masiku a lonjezo, kuti akazengereza mukhale ndi mpata wolembanso. Ngati kampaniyo imafuna kuti zopempha ndalama zidutse pa macheza a pompopompo a pa tsamba lake, ikani mawu omwewo pamenepo, ndipo musanatseke jambulani macheza onse kapena apempheni akutumizireni pa imelo. Chimene mukufuna kusunga ndi tsiku limene munapempha.

Pali zinthu zingapo zimene zimaoneka ngati kuletsa pomwe si kuletsa. Kuchotsa pulogalamu m'foni sikuimitsa malipiro. Kudina `Cancel subscription` kapena kuzimitsa `Auto-renewal` kumangoletsa kuti asadzakuduleni ulendo wina, koma ndalama imene inapita kale siibwera mpaka mutaipempha. Kufufuta akaunti yonse chifukwa cha mkwiyo ndiye koipa kwambiri, popeza mumafufutira limodzi malisiti ndi mbiri ya madandaulo anu. Ndipo m'kalata musaikemo nambala yonse ya khadi, manambala atatu a kumbuyo kwake, kapena pasiwedi. Kampani yeniyeni siifuna zimenezo kuti ibweze ndalama. Wina akakupemphani zotere, makamaka amene wakupezani yekha pa Facebook mutadandaula pagulu, dziwani kuti ndi wakuba.

Nanga masiku 30 akadutsa? Apa nkhani imalimba, ndipo ndi pamene umboni uja umasanduka chida chenicheni. Makampani ambiri amanena m'malamulo awo kuti lonjezo limagwira pa kugula koyamba kokha, osati pa ndalama imene yadulidwa yokha nthawi yoyamba itatha. Chimene mungaimirepo tsopano ndi chakuti munalipira ntchito imene simukuilandira. Lembani mopempha gawo la ndalama la miyezi yotsala, ndipo ngati munayamba kudandaula masiku 30 asanathe, sonyezani tsiku la dandaulo loyambalo nkunena kuti kuchedwa kunadza chifukwa chotsatira malangizo awo. Mfundo imeneyi imamveka, ngakhale palibe chowakakamiza kuivomera. Amene ali ku Britain ali ndi lamulo la Consumer Rights Act la 2015, ndipo a ku South Africa ali ndi Consumer Protection Act la 2008, malamulo amene angawatchule m'kalata. Kuno tili ndi bungwe la Competition and Fair Trading Commission, limene limamva madandaulo a ogula. Koma tinene zoona: NordVPN inalembetsedwa ku Panama, ExpressVPN ku British Virgin Islands, ndipo kampani imene ilibe ofesi m'dziko muno ndi yovuta kuti bungwe la ku Lilongwe liigwire pamkono.

Chingwe chimene chimafikadi kutali ndi cha banki. Visa ndi Mastercard ali ndi dongosolo lakuti mwini khadi akalipira chinthu chimene sanalandire, banki yake ikhoza kuitanitsa ndalamayo kuchokera ku banki ya wogulitsa. Nthawi yake kawirikawiri ndi masiku 120, ndipo a PayPal amapereka masiku osapitirira 180 otsekulira mkangano. Abanki adzakufunsani chinthu chimodzi choyamba: kodi munayesa kukambirana ndi wogulitsa? Kalata ija, yankho lake kapena kusayankhidwa kwake, ndi zimene mudzaike pa tebulo. Muuzeni wa ku banki zoona zake, kuti munalipira nokha koma ntchito siikuperekedwa. Musanene kuti simukuidziwa ndalamayo pofuna kufupikitsa nkhani, chifukwa kampani idzangotulutsa umboni woti munalowa mu akaunti, mlandu nkuthera pomwepo, mwinanso khadi yanu nkutsekedwa. Njirayi ndi yomaliza, imatenga masabata, ndipo kampaniyo mosakayika idzatseka akaunti yanu. Musaiyambe pomwe avomera kale kubweza, chifukwa ziwirizi zikayendera limodzi zimachedwetsana.

Akavomera, ndalama imatenga masiku a ntchito 5 mpaka 10 kuti ionekere, nthawi zina kupitirira. Ikachedwa, pemphani kampaniyo nambala yotchedwa ARN, imene banki yanu ingalondolere nayo ndalamayo. Musadabwe ikafika yosiyana ndi imene inachoka. Kampani imabweza madola 80 omwewo, koma banki imawasintha kukhala makwacha pa mtengo wa tsiku limenelo, ndipo mtengo umene banki imagulira dola ndi wotsika kuposa umene imagulitsira. Ndalama imene banki inadula polipira kunja nayonso kawirikawiri siibwera. Kusiyana kumeneko si mlandu wa kampani ya VPN, ndipo kalata ina siingakukonze.

Kwa amene sanagule, maganizo anga ndi akuti ya zaka ziwiri isakukopeni pa tsiku loyamba. Lipirani mwezi umodzi, kapena yesani kaye yaulere ya kampani yodziwika ngati Proton VPN, muone ngati netiweki ya kwanu ikugwirizana nayo. Kwa amene mwalipira kale ndipo kagudumu kakungozungulira, tsekulani lisiti lero, werengani masiku, ndipo likafika la 20 vuto lisanathe, lekani kuyesa, tumizani kalata.